Kukonza mitu ya lipoti la pachaka la kopaletivi ya alimi ku Luwinga

Lipoti lomwe ndikufotokoza pano ndi la kopaletivi ina ya alimi a chimanga ndi soya. Ofesi yake ndi nyumba yosungiramo mbewu zili ku Luwinga mumzinda wa Mzuzu, koma makalabu ake ambiri ali kunja kwa tawuni, cha ku Ekwendeni ndi ku Lusangazi. Linali la masamba 22, lolembedwa m'Chichewa, ndipo akomiti yaikulu amayenera kuliwerenga msonkhano wapachaka usanachitike. Ntchito yanga ndi yokonza zolemba za anthu ena, ndiye mlembi wa gululo anabwera nalo kuti ndione kalembedwe ka mawu ndi zizindikiro. Zimenezo zinali zochepa. Vuto lenileni linali pa tsamba la zamkatimu, pomwe mitu inali motere: Mawu oyamba, Mbiri ya gulu, Ntchito zomwe zachitika, Kasungidwe ka mbewu, Misika, Zachuma, Mavuto, Maganizo, Mawu omaliza.

Palibe mutu wolakwika pamenepa. Koma mitu isanu ndi inayi yomweyi ingakhale pa lipoti la chaka chatha, la chaka chamawa, ngakhale la kopaletivi ya mpunga ku Karonga, osasintha liwu ndi limodzi lomwe. Ili ngati thumba lomwe alemba kuti "chimanga": zoona ndi chimanga, koma kuti udziwe ngati n'chouma kapena chofumbwa uyenera kumasula ndi kupisamo dzanja. Akomiti ambiri amalandira lipotili pa WhatsApp ngati PDF, n'kumaliwerenga pa foni, ena ali m'minibasi. Munthu wotere samasula matumba onse. Amayang'ana mitu, n'kusankha poti aime.

Tisanakhudze kanthu ndinasindikiza tsamba la zamkatimu lokha n'kupatsa mayi wina wa m'komiti yemwe anali asanawerenge lipotilo. Ndinawafunsa kuti, "Amayi, poona apa, chaka chino gulu layenda bwanji?" Anayang'ana kanthawi n'kuyankha kuti, "Apa pakuoneka kuti panali mavuto, koma mavuto ake sindikuwaona." Mayeso ake ndi omwewo. Ngati munthu wowerenga mitu yokha sangathe kukuuzani zomwe lipoti lapeza ndi zomwe likupempha, ndiye kuti mituyo ikungotchula nkhani, sikunena kanthu.

## Mutu umachokera m'chiganizo chimodzi cholembedwa m'mbali mwa tsamba

Sindiyamba ndi kuganiza mutu wokoma. Ndimawerenga gawo lonse, kenako ndi pensulo ndimalemba m'mbali chiganizo choyamba ndi mawu akuti "Gawo ili likunena kuti", n'kuchimaliza. Ndikafufuta mawu oyambawo, zotsalazo ndiye mbewu ya mutu. Ubwino wa mawu akuti "likunena kuti" ndi woti salola kuzemba: pambuyo pake payenera kubwera mneni. Ukalemba kuti "likunena za misika" wabwerera pomwe unayambira. Uyenera kunena kuti misikayo inatani.

Gawo la Misika linali losavuta. Ndime zake zinayi zimanena chinthu chimodzi, choti soya anagulitsidwa yense kwa wogula mmodzi mu Ogasiti, pamtengo woposa womwe mavenda ankapereka pa nthawi yokolola. Chiganizo cha m'mbali chinatalika mizere itatu, ndipo titachidula chinatsala chonchi: "Soya yense tinagulitsa mu Ogasiti pamtengo woposa wa mavenda". Ndimayesetsa kuti mutu usapitirire mawu khumi ndi awiri, chifukwa pa foni mutu wa mizere itatu umaoneka ngati ndime ndipo diso limaudumpha. Ndimaikanso liwu lomwe wowerenga akufunafuna kumayambiriro. Mlimi wa soya akamatsetsereka ndi chala, amaona mawu awiri kapena atatu oyamba a mzere uliwonse. Akaona "soya" amaima. Tikanayamba ndi "Pamtengo woposa wa mavenda", akanadutsa.

## Gawo la kasungidwe linatitengera tsiku, chifukwa mutu woyamba unanena zoposa umboni

Apa ndi pomwe panali ntchito. Gawoli linali la masamba anayi. Tsamba loyamba limafotokoza nyumba yosungiramo mbewu, kukula kwake ndi mapaleti omwe anagulidwa. Lachiwiri limafotokoza za maphunziro a kasungidwe omwe alangizi anapereka. Nkhani yeniyeni inali kumapeto kwa tsamba lachitatu, mkati mwa ndime yaitali: mwa matumba 600 a chimanga a makilogalamu 50 omwe analowa, matumba 85 anapezeka atachita nkhungu kapena atawola moti sakanagulitsidwa, ndipo 70 mwa amenewo anali omwe analowa mu Meyi. Munthu wowerenga mutu woti "Kasungidwe ka mbewu" sakanaganiza kuti pansi pake pagona matumba 85.

Mlembi ataona komwe tikulowera, analemba yekha mutu uwu: "Chimanga chimawola chikalowa m'nyumba chisanaume". Ndi mutu wamoyo, uli ndi mneni, ndipo aliyense wa kuno angauvomere. Ku Mzuzu mvula imachedwa kusiya, mpaka Epulo ngakhale Meyi imakhala ikugwabe, ndipo miyezi yozizira kumachita nkhungu ya m'mawa ndi mvula yowaza, ndiye kuumitsa chimanga n'kovuta kuposa m'zigwa zotentha. Alangizi amaphunzitsa kuti chimanga chosunga chiume mpaka chinyezi chitsike kufika pa 13 peresenti kapena pafupi pamenepo. Zonsezi n'zoona. Koma mutuwo unali ndi zilema ziwiri.

Choyamba ndi kachigawo ka "ma" m'liwu loti "chimawola". Kamasandutsa mutu kukhala phunziro la nthawi zonse, la m'buku la zaulimi. Akomiti safuna kuphunzitsidwa kuti chimanga chachiwisi chimawola, akudziwa kale. Akufuna kudziwa zomwe zinachitikira chimanga chawo chaka chino. M'lipoti lofotokoza zomwe zachitika, mneni wa m'mutu ayenera kukhala wa nthawi yapita: chinawola. "Chikuwola" akanatanthauza kuti vutolo likupitirira pomwe tikulemba, zomwe zikanautsa anthu usiku kuthamangira ku Luwinga. Kusiyana kwake ndi zilembo ziwiri zokha, koma ndi nkhani zitatu zosiyana.

Chilema chachiwiri chinali chachikulu. Ndinafunsa kuti, "Bambo mlembi, matumba a mu Meyi aja munawayeza chinyezi?" Anati ayi, makina oyezera omwe anabwereka anafika mu Julayi, ndipo mu Meyi ankangoluma njere kuti amve ngati ikuthetheka. Komanso m'gawo la Mavuto, masamba asanu ndi limodzi kutsogolo, munali mzere umodzi wonena kuti denga limadontha kumbali ya kum'mawa. Nditafunsa komwe matumba oyamba kulowa anasanjidwa, anaseka pang'ono n'kunena kuti kumbali yomweyo. Ndiye kuti lipoti silikanatha kusiyanitsa ngati chimanga chinalowa chachiwisi, kapena chinanyowa chili m'nyumba, kapena zonse ziwiri. M'ndime mlembi anali atalemba mosamala kuti "zikuoneka kuti mwina". M'mutu mawu a "mwina" aja anagwa, chifukwa mutu umafuna kufupika, ndipo mawu okayikira ndiwo amayamba kutayidwa.

Ngozi ya mitu yonena zinthu ndi imeneyi, ndipo ndi yoopsa kuposa ya mitu yongotchula. Mutu woti "Kasungidwe ka mbewu" sunganame chifukwa sukunena kanthu. Mutu wokhala ndi mneni unganame, ndipo ndi womwe anthu amakumbukira n'kukaubwereza kumakalabu. Mutu wa mlembi uja ukanaloza chala alimi a makalabu awiri omwe anabweretsa chimanga mu Meyi, pomwe mwina wolakwa ndi malata. Njira yodziwira ndi yophweka: pa liwu lililonse la m'mutu, ndimafunafuna chiganizo cha m'gawomo chomwe chikulichitira umboni, n'kuchilemba mzere kunsi. Liwu lopanda mzere wake limachoka. Mawu omwe ndimawakayikira kwambiri ndi "chifukwa", "onse", "palibe" ndi "nthawi zonse".

Mutu womwe tinagwirizana unali woti "Matumba 85 mwa 600 anawonongeka, ambiri mwa iwo ndi a mu Meyi". Ukunena zomwe zinawerengedwa, osati zomwe tikuganiza. Pansi pake tinaika kamutu kakang'ono koti "Sitikudziwa ngati vuto ndi chinyezi cha mbewu kapena denga lodontha". Mlembi poyamba sanakakonde, ati gulu lioneka ngati silidziwa ntchito. Ine ndinaona kuti ndi mutu wothandiza kuposa yonse m'lipotimo, chifukwa ndi womwe ukufotokoza chifukwa chake komiti ikupemphedwa zinthu ziwiri, kukonza denga ndi kugula makina oyezera chinyezi, osati chimodzi.

Mutu utasintha, gawo silikanakhala momwe linalili. Mutu ukalonjeza matumba 85, ndime yoyamba iyenera kupereka matumbawo, osati kukula kwa nyumba. Tinakweza ndime ya pa tsamba lachitatu ija kukhala yoyamba, mzere wa denga tinauchotsa ku Mavuto n'kuubweretsa kuno, ndipo za mapaleti ndi maphunziro zinatsikira kumapeto, zitafupika kufika theka la tsamba.

## Gawo lokana kulowa m'chiganizo chimodzi limakhala ndi nkhani zingapo, kapena lilibe

Pa "Ntchito zomwe zachitika" chiganizo cha m'mbali chinatuluka ndi "komanso" katatu: tinagawa mbewu, komanso tinalandira makalabu atsopano, komanso tinakonza sikelo, komanso tinapita kukaona anzathu ku Rumphi. "Komanso" akachuluka chonchi, musalimbane ndi mutu, vuto lili m'gawo. Ndi nkhani zinayi zomwe zangogonekedwa pamodzi chifukwa zinachitika chaka chimodzi. Tinaligawa pawiri. Nkhani ya makalabu atsopano inapata mutu wake, "Makalabu anayi alowa, mamembala ambiri atsopano ndi amayi", chifukwa ikukhudza mavoti pamsonkhano. Zina zitatuzo tinaziika m'tebulo la mwezi ndi mwezi, ndipo tebulolo tinalisiya ndi mutu wongotchula, "Kalendala ya ntchito za chaka".

Gawo la Mavuto linatha lonse. Linali ndi zinthu zisanu ndi ziwiri, ndipo chilichonse chinali ndi kwawo: denga ku kasungidwe, kuchedwa kwa malipiro ku misika, ngongole ku zachuma. Alembi ambiri amakonda gawo lotere chifukwa limaoneka ngati chilungamo, koma kwenikweni limabisa, popeza limachotsa vuto pafupi ndi chinthu chomwe vutolo lawononga. Denga likanakhala ku Mavuto, palibe akanaligwirizanitsa ndi matumba a mu Meyi.

"Mawu omaliza" anali matenda a mtundu wina. Nditayesa kumaliza chiganizo cha "likunena kuti", ndinangopeza "tikuthokoza onse". Tinasiya ndime imodzi yothokoza yopanda mutu.

## Mutu wa ngongole unafuna kukambirana ndi wapampando

Gawo la Zachuma limanena momveka kuti makalabu atatu anali asanabweze ngongole ya feteleza, ndipo chifukwa cha zimenezo thumba la ngongole silikanakwanira makalabu onse nyengo ikubwerayi. Mutu woyamba womwe ndinalemba unatchula mayina a makalabuwo. Mayi wapampando atauona anati, "Achimwene, izi n'zoona, koma mukaika mayina pa tsamba loyamba, anthuwa sabwera kumsonkhano. Ndipo ndalamazo tikuzifuna kwa iwo omwewo." Ananena zoona, ndipo ndi chinthu chomwe wokonza zolemba wochokera kunja sangachidziwe payekha. Mutu umaonekera kawiri, pamwamba pa gawo ndi pa zamkatimu, ndipo tsamba la zamkatimu ndi lomwe anthu amalijambula n'kutumizirana. Chomwe chili m'ndime chimawerengedwa pamodzi ndi zifukwa zake. Chomwe chili m'mutu chimayenda chokha.

Koma sindinalole kubwerera ku "Zachuma". Msungichuma anapereka maganizo oti tilembe "Kubweza ngongole kukufunika kulimbikitsidwa". Mutu wotere uli ndi mneni, ndiye umaoneka ngati ukunena kanthu, pomwe ayi. Mawu ngati "kulimbikitsa", "kupititsa patsogolo" ndi "kuunikanso" amalowa pa nkhani iliyonse, ndipo mayeso ake ndi aja a poyamba: kodi mutuwu ungakhale pa lipoti la chaka chatha? Uwu ukanakhala. Tinathera pa "Makalabu atatu sanamalize ngongole, ndiye ya chaka chino sikwanira onse". Mayina anatsala m'tebulo mkati, pamodzi ndi zomwe kalabu iliyonse yabweza kale.

Chimodzimodzi "Maganizo" anasanduka "Tikupempha komiti ivomereze kukonza denga ndi kugula makina oyezera chinyezi". Apa mneni ndi wa nthawi ino, chifukwa pempho likuchitika pomwe munthu akuwerenga. Sindikakamiza kuti mitu yonse ikhale ya nthawi imodzi. Chomwe ndimaonetsetsa n'choti mitu ya msinkhu umodzi yofotokoza zomwe zapezeka ikhale ziganizo yonse, osati ina ziganizo ina mafunso. Mitu yamafunso, monga "Kodi chimanga chinawonongeka bwanji?", ili ndi malo ake m'timapepala tolangiza anthu, koma m'lipoti imangochedwetsa yankho lomwe likanakwana pamzere womwewo.

## Mitu ina inatsala yongotchula, ndipo n'koyenera

Mndandanda wa mamembala a komiti, kalendala ija, ndi tebulo la ndalama zolowa ndi zotuluka sizinena mfundo. Munthu amapitako kukayang'ana chinthu chomwe akuchidziwa kale dzina, ndiye dzinalo ndiye mutu wabwino. Kukakamiza chiganizo pamenepo kumabala zinthu zoseketsa ngati "Komiti ili ndi mamembala ake". "Mbiri ya gulu" inatsalanso choncho, koma tinaisamutsira kumapeto, popeza akomiti mbiriyo akuidziwa.

Panalinso malire ena. Bungwe lomwe limathandiza kopaletiviyi lili ndi fomu yake ya lipoti m'Chingerezi, yokhala ndi mitu yokhazikika yomwe salola kusintha, chifukwa amafananitsa malipoti a magulu ambiri. N'chimodzimodzi ndi zolemba za kafukufuku, monga za ophunzira a ku Mzuzu University zomwe ndimakonzanso, momwe dongosolo la mawu oyamba, njira, zopezeka ndi kukambirana silisunthika. Pamenepo mutu waukulu umasiyidwa momwe ulili, ndipo ziganizo zimalowa pa mitu yaing'ono ya pansi pake. Mulingo wa padziko lonse wa kalembedwe komveka, ISO 24495-1, womwe unatuluka mu 2023, umaika kupeza mosavuta zomwe wowerenga akufuna ngati imodzi mwa mfundo zake zinayi, ndipo kupeza kuli pawiri: wina akufuna malo omwe anazolowera, wina akufuna yankho. Mitu ya misinkhu iwiri imatumikira onse.

## Pa kompyuta, mitu iyenera kukhala mitu yeniyeni

Mlembi anali atapanga mitu yake poikuza zilembo ndi kuzidetsa, ndipo tsamba la zamkatimu analitaipa pamanja ndi timadontho. Kwa Microsoft Word mizere yotere ndi ndime wamba. Tinaika mutu waukulu uliwonse pa `Heading 1` ndi waung'ono pa `Heading 2`. Njira yachidule ndi `Ctrl+Alt+1` ndi `Ctrl+Alt+2` cholozera chili pamzerewo. Zikatero, mukapita pa `View` n'kuchonga `Navigation Pane`, mitu yonse imaoneka kumanzere motsatana. Pamenepo ndi pomwe ndimawerengera mitu yokha ngati nkhani imodzi, ndipo mukakoka mutu n'kuusiya pena, gawo lonse limasamuka nawo. Umu ndi momwe tinasunthira pempho la denga ndi makina kuchoka pa tsamba 19 kufika pa tsamba 2.

Zamkatimu tinazipanga pa `References`, `Table of Contents`. Apa pali msampha womwe umagwira ambiri. Mukasintha mawu a mutu n'kudina `Update Table`, Word imafunsa ngati mukufuna `Update page numbers only` kapena `Update entire table`. Choyambacho chimakonza manambala a masamba okha, ndipo mitu yakale imatsala pa zamkatimu pomwe mkati muli yatsopano. Sankhani chachiwiri. Mawu otaipa pamanja ngati "onani gawo la Mavuto" sasintha okha, ndiye tinawasaka ndi `Ctrl+F`. Tinapeza awiri oloza gawo lomwe kulibenso. Posunga ngati PDF, pa `Options` tinachonga `Create bookmarks using` ndi `Headings`, kuti pulogalamu yowerengera yomwe imaonetsa mndandanda wa mitu ilole munthu kudumphira pa gawo lomwe akufuna.

Mitu yokhala ndi manambala ili ndi ngozi yakeyake. Patatsala masiku ochepa kuti lipoti litumizidwe, woyang'anira nyumba yosungiramo mbewu anawerenganso matumba n'kupeza kuti atatu mwa owonongeka aja anawerengedwa kawiri. Mlembi anakonza m'ndime ndi m'tebulo kukhala 82, koma mutu ndi zamkatimu zinali zikunenabe 85 mpaka pomwe tinawerenga komaliza. N'chifukwa chake nambala ndimailola m'mutu pokhapokha ikakhala kuti ndiyo nkhani, ndipo kuyang'ana manambala a m'mitu ndimakuika kukhala ntchito yotsiriza, zina zonse zitatsekedwa.

Zamkatimu zatsopano, tisanaziyese komaliza, zinayamba chonchi:

Tikupempha komiti ivomereze kukonza denga ndi kugula makina oyezera chinyezi
Matumba 82 mwa 600 anawonongeka, ambiri mwa iwo ndi a mu Meyi
Soya yense tinagulitsa mu Ogasiti pamtengo woposa wa mavenda
Makalabu atatu sanamalize ngongole, ndiye ya chaka chino sikwanira onse
Makalabu anayi alowa, mamembala ambiri atsopano ndi amayi

Pansi pake panatsatira kalendala, tebulo la ndalama, mndandanda wa akomiti ndi mbiri ya gulu. Lipoti linatsika kuchoka pa masamba 22 kufika pa 17, ngakhale cholinga sichinali kulifupikitsa. Zomwe zinachoka ndi zobwereza za ku Mavuto ndi ku Mawu omaliza. Mayeso a mitu yokha tinawabwereza ndi bambo wina wa ku Ekwendeni yemwe anali asanalione lipotilo. Anafotokoza nkhani ya chaka molondola, kupatula chinthu chimodzi: pa mutu wachinayi anamva ngati "ya chaka chino" ndi ngongole yomwe makalabu atatuwo atenge, osati thumba la gulu lonse. Tinausintha kukhala "Makalabu atatu sanamalize kubweza, ndiye thumba la ngongole silikwanira onse".

Pamsonkhano komiti inavomereza kukonza denga mvula isanayambe. Za makina oyezera chinyezi anazisiya kaye mpaka ngongole zitabwezedwa, ndipo anagwirizana kuti chaka chamawa thumba lililonse lidzalembedwe tsiku lolowa ndi mbali ya nyumba komwe lasanjidwa, kuti funso la chinyezi ndi denga lidzathe kuyankhidwa.